Musanavomere totala ya pa chithunzi

Masiku ano lipoti la ndalama limafikira pafoni. Msungichuma wa kalabu ya alimi, wa banki mkhonde kapena wa komiti ya kutchalitchi amatsegula Excel, n'kujambula zimene zili pa sikirini, n'kuponya chithunzicho pa gulu la WhatsApp. Chikangofika, maso a aliyense amathamangira pansi penipeni cha kumanja, pamene pali nambala yaikulu yolembedwa mokhathamira. Nambalayo ikaoneka yoyandikira zimene anthu amayembekezera, nkhani imathera pomwepo, ndipo wina akafunsa amauzidwa kuti kompyuta siilakwitsa masamu.

Ndi zoona, kompyuta siilakwitsa kuwonkhetsa. Vuto ndi lakuti imawonkhetsa zokhazo zimene munthu waiuza, ndipo chithunzi chimaonetsa mayankho okha, njira imene yawabala chimabisa. Sipuredishiti ndi tebulo la timabokosi. Kabokosi kalikonse kali ndi dzina lochokera ku chilembo cha kolamu yake, yomwe imatsika kuchokera pamwamba, ndi nambala ya mzere wake wopingasa. D10 ndi kabokosi ka mu kolamu D pa mzere 10. M'kabokosi mumakhala nambala imene munthu waitayipa yekha, kapena fomula, lomwe ndi lamulo louza kompyuta chochita. Pa chithunzi ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. Komabe chithunzi chimasiya zizindikiro, ndipo munthu amene ali ndi kakyuleta ya pafoni komanso mtima wodekha akhoza kuzitsata mpaka kufika pamene palakwika.

Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi yagulitsa soya pamodzi pa mtengo wa K1,200 pa kilo, ndipo msungichuma watumiza chithunzi ichi. Nambala za kumanzere kwenikweni ndi za mizere, monga mmene zimaonekera m'mphepete mwa sikirini.

```
      A         B        C          D
1   Membala   Makilo   Mtengo    Ndalama
2   A           250    1,200     300,000
3   B           180    1,200     216,000
4   C           300    1,200     360,000
5   D         150      1,200     180,000
6   E           220    1,200     246,000
7   F           200    1,200     240,000
9   H           400    1,200     480,000
10  Totala    1,650            1,662,000
```

Chinthu choyamba kuchita n'chosafuna luso lililonse la kompyuta. Tebulo ngati ili lili ndi njira ziwiri zofikira pa yankho limodzi. Mukhoza kuwonkhetsa kolamu ya ndalama kuchokera pamwamba mpaka pansi, kapena mukhoza kutenga makilo onse n'kuchulukitsa ndi mtengo. Popeza aliyense wagulitsa pa mtengo umodzi, njira ziwirizi ziyenera kukumana. Makilo 1,650 pa K1,200 amabala K1,980,000, koma chithunzi chikunena K1,662,000. Zasiyana ndi K318,000. Apa simunadziwe pamene palakwika, koma mwadziwa kuti ma totala awiriwa sangakhale olondola onse, ndipo chimenechi chokha n'chokwanira kuti ndalama zisagawidwe kaye.

Tsopano chotsani maso pa ndalama, muyang'ane m'mphepete. Werengani nambala za mizere imodziimodzi: 5, 6, 7, 9. Mzere 8 palibe. Excel sadumpha nambala payekha. Mzere ukafufutidwa, ya pansi imakwera n'kutseka mpatawo, manambala n'kupitiriza kuyenda bwinobwino. Nambala ikasowa ndiye kuti mzerewo ulipo koma wabisika, mwina munthu anadina `Hide`, mwina anagwiritsa ntchito `Filter` n'kuiwala kuichotsa. Ngati ndi `Filter`, mu Excel nambala za mizere zimasanduka zabuluu ndipo pamitu ya makolamu pamaoneka timivi tolozera pansi. Zilembo za makolamu nazonso ziwerengeni chimodzimodzi, chifukwa kolamu imabisika mofanana: pambuyo pa C pakabwera E, pali china chimene simukuchiona. Chofunika kudziwa apa n'chakuti fomula ya `SUM` imawerengera ndi mizere yobisika yomwe. Choncho munthu akhoza kukhala m'totala osaoneka pa chithunzi.

Mukatha m'mphepete, yang'anani pamwamba. Pakati pa mabatani ndi zilembo za makolamu pali kampata kataliko koyambira pa chizindikiro cha `fx`. Kampata kameneka kamaonetsa zenizeni zimene zili m'kabokosi komwe wojambula anali atadina pa nthawi yojambula, ndipo dzina la kabokosiko limalembedwa kumanzere kwake. Pa chithunzi chonse, fomula imene mungaione ndi maso ndi imodzi yokhayi. Anthu ambiri amadula mbali imeneyi pofuna kuti chithunzi chikongole, ndipo ine ndimaona kuti akatero amataya umboni wabwino kwambiri umene anali nawo. Tinene kuti msungichuma wathu sanadule, ndipo anali atadina D10. Pakampatapo pakuoneka izi:

```
=SUM(D2:D8)
```

Fomulayi ikuti, wonkhetsa kuyambira D2 mpaka D8. Koma mamembala akufika pa mzere 9. Ndiye kuti K480,000 ya membala H, amene wabweretsa soya wambiri kuposa aliyense, ili kunja kwa totala. Cholakwika ichi chimabwera mosavuta. Fomula imalembedwa tebulo likadali lalifupi, kenako wina wofika mochedwa amaonjezeredwa pansi, pamwamba pa totala penipeni, ndipo fomula imatsala pa malire ake akale. Nthawi zina Excel amaitambasula yekha, nthawi zina ayi. Akaona kuti pali nambala yoyandikana imene fomula yaisiya, kawirikawiri amaika kachizindikiro kobiriwira kangodya zitatu pakona yakumanzere ya pamwamba pa kabokosi. Kachizindikiro kameneka n'kakang'ono moti pafoni muyenera kukulitsa chithunzi ndi zala kuti mukaone.

Pali msampha wina pano umene ndikufuna tiuone bwino, chifukwa umakola anthu ochenjera. Mukawonkhetsa ndalama zonse zooneka pa chithunzi mupeza K2,022,000. Mukachotsapo totala yolembedwayo patsala K360,000, ndipo nambala imeneyi ikufanana ndendende ndi ndalama za membala C pa mzere 4. Munthu akhoza kudumpha n'kunena kuti C ndiye wasiyidwa. Kufufuza motero si kolakwika ayi. Nthawi zambiri kusiyana kukafanana ndi mzere umodzi, mzere umenewo ndiwo wasiyidwa kapena wawerengedwa kawiri. Koma pano fomula yatiuza kale kuti mzere 4 uli mkati. K360,000 ija yabadwa kuchokera ku zinthu ziwiri zokokana: K480,000 ya H imene yatsala kunja, ndi ndalama za mzere wobisika zimene zalowa mkati. Ndipo tikhoza kuzidziwa ndalama zimenezo ngakhale sitikuziona. Mizere 2 mpaka 7 ikupanga K1,542,000. Totala ndi K1,662,000. Chotsalacho, K120,000, chili pa mzere 8, ndipo pa K1,200 pa kilo amenewo ndi makilo 100.

Tibwerere ku kolamu ya makilo. Onani mmene 150 ya membala D yakhalira. Anzake onse atsamira kumanja kwa kabokosi, iyo yokha yatsamira kumanzere. Excel ndi Google Sheets, munthu akapanda kusintha, amaika manambala kumanja ndipo mawu amawaika kumanzere. Nambala yotsamira kumanzere pakati pa anzake otsamira kumanja ndiye kuti kompyuta ikuiona ngati mawu. Zimachitika munthu akakopera nambala kuchokera mu uthenga wina, kapena akayamba ndi kachizindikiro ka `'`, kapena kabokosiko kakakhala kuti kanaikidwa kale pa `Text`. Choipa chake n'chakuti `SUM` imalumpha mawu mwakachetechete, osadandaula. Kuchulukitsa kokha ndiko kumaikakamiza nambala yotereyi kugwira ntchito, n'chifukwa chake D5 yatuluka bwinobwino K180,000 pamene makilo akewo sanalowe m'totala ya makilo.

Tiyeseko ngati maganizo amenewa akugwira. Makilo ooneka onse ndi 1,700. Chotsanipo 150 amene alumphidwa, patsala 1,550. Onjezerani 100 a mzere wobisika, mupeza 1,650, nambala yomwe ija ili pa B10. Zagwirizana, ndipo zatiuzanso china: fomula ya makilo ikufika pa mzere 9 pamene ya ndalama ikulekera pa 8. Munthu amene akanangowonkhetsa makilo ooneka akanapeza kusiyana kwa 50 basi, n'kuganiza kuti ndi kanthu kakang'ono. Kusiyana kochepa sikutanthauza cholakwika chochepa, popeza zolakwika ziwiri zikhoza kuphimbana.

Chatsala ndi kuyenda mzere ndi mzere. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ndipo pa tebulo la anthu 60 simungachulukitse paliponse, koma diso limathandiza. Ndalama ziyenera kukwera mofanana ndi makilo. F wa makilo 200 walandira K240,000. E wamuposa ndi makilo 20, omwe ndi K24,000, choncho ayenera kukhala pa K264,000. Chithunzi chikuti K246,000. Fomula singalakwitse motere. Nambala 6 ndi 4 zasinthana malo, ndipo zimenezi zimachita zala za munthu. Ndiye kuti kabokosi ka D6 kalibe fomula. Wina anatayipamo nambala pamanja pamwamba pa fomula imene inalipo. Owerengera ndalama ali ndi njira yakale yodziwira cholakwika chotere: manambala awiri akasinthana malo, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Apa kusiyana ndi K18,000, ndipo 9 amalowamo ka 2,000. Mukapeza kusiyana kogawika ndi 9 m'kaundula aliyense, yambani mwafufuza manambala otembenuzika musanaganize zina.

Kabokosi kotayipidwa pamanja n'koopsa kuposa mmene kakuonekera lero. Mawa wogula akakweza mtengo kufika K1,300 ndipo msungichuma akasintha kolamu C, mizere ina yonse idzasintha yokha, koma ya E idzakhala pomwepo. Pa chithunzi, kabokosi kotere nthawi zina kamadziulula ndi maonekedwe: anzake ali ndi kampumiro kolekanitsa masauzande iko kalibe, kapena anzake onse ali ndi manambala osalongosoka iko n'kukhala nambala yozungulira bwino ngati 250,000.

Tikasonkhanitsa zonse, makilo enieni ndi 1,800, ndipo ndalama zake ndi K2,160,000. Totala ya pa chithunzi yaperewera ndi K498,000, yomwe ndi K480,000 ya H kuphatikiza K18,000 ya E. Masamu atsekeka popanda tambala yotsala, ndipo kutsekeka kumeneku ndiko kumakupatsani chikhulupiriro kuti mwapeza zonse zimene chithunzichi chingaonetse.

Mwina mwaona kuti m'tebulo lonseli munalibe uthenga uliwonse wochenjeza. Zolakwika zimene Excel amazilengeza yekha ndi zosavuta, chifukwa zimayamba ndi `#` ndipo palibe angaziphonye. `#DIV/0!` imatanthauza kuti fomula ikugawa ndi ziro kapena ndi kabokosi kopanda kanthu. `#REF!` imabwera pamene kabokosi komwe fomula imadalira kafufutidwa. `#VALUE!` ndi pamene masamu akumana ndi mawu amene sangasanduke nambala, monga munthu akalemba `150kg` m'malo mwa 150. `#NAME?` nthawi zambiri ndi dzina la fomula lolembedwa molakwika, ndipo `#N/A` ndi chinthu chimene chafunidwa m'tebulo lina koma sichinapezeke. Imene imaopsa anthu pachabe ndi `#####`, yomwe kawirikawiri imangotanthauza kuti kolamu yachepa ndipo nambala sikukwanamo. Mukaona imodzi mwa zoyambazo pakati pa kolamu koma totala ya pansi ili bwinobwino, funsani chifukwa chake. `SUM` ikakumana ndi kabokosi kotere nayo imatulutsa uthenga womwewo, choncho totala yoyera pansi pa kolamu yodwala ndiye kuti mwina yatayipidwa pamanja kapena fomula yake ikuzemba kabokosiko.

Si chilichonse chachilendo chomwe ndi cholakwika. Totala ikasiyana ndi kakyuleta yanu ndi K1 kapena K2, kawirikawiri ndi matambala obisika: kabokosi kakuonetsa 417 pamene mkati muli 416.67, ndipo kompyuta ikuwonkhetsa za mkatizo. Pamenepo palibe mlandu.

Wina angaganize kuti zoterezi zimagwera anthu ongophunzira kumene kompyuta. Mu 2010 akatswiri awiri a zachuma, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff, anatulutsa kafukufuku wa maiko olemera 20 wonena kuti ngongole ya boma ikapitirira 90 peresenti ya chuma chimene dziko limapanga pachaka, chumacho chimasiya kukula; avereji yake anaipeza pa -0.1 peresenti. Andale ku America ndi ku Ulaya anaugwiritsa ntchito poikira kumbuyo zochepetsa ndalama zimene boma limawononga. Mu 2013 Thomas Herndon, amene ankaphunzira pa yunivesite ya Massachusetts Amherst, atalephera kupeza manambala omwewo, anapempha fayilo yeniyeniyo ndipo anapatsidwa. Mmenemo anapeza fomula iyi:

```
=AVERAGE(L30:L44)
```

Maiko ankafika pa mzere 49. Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark anatsala kunja, monga mmene H watsalira m'tebulo lathu. Chithunzi cha sipuredishiti imeneyo chinafala dziko lonse, chifukwa chinkaonetsa mpanda wabuluu umene Excel amajambula kuzungulira timabokosi ta fomula munthu akadina kawiri, ndipo aliyense ankatha kuona yekha kuti mpandawo walekera panjira, maiko asanu ali pansi pake. Herndon pamodzi ndi aphunzitsi ake Michael Ash ndi Robert Pollin atawerengeranso anapeza 2.2 peresenti.

Koma nkhani imeneyi imafotokozedwa mopereweza kawirikawiri, ndipo mbali yosiyidwayo ndi imene ikutikhudza. Fomula yaifupi ija inasuntha yankho pang'ono chabe, chifukwa mwa maiko asanuwo ndi Belgium yekha amene anali ndi nambala mu kolamu imeneyo. Kusiyana kwakukulu kunachokera ku zaka zina zimene sizinalowetsedwe, komanso ku kawerengedwe kamene kanapatsa chaka chimodzi choipa cha New Zealand, 1951, mphamvu yofanana ndi zaka 19 za Britain. Reinhart ndi Rogoff anavomera cholakwika cha fomula, koma pa zinazo anatsutsa. Mpanda wabuluu unaoneka pa chithunzi. Zaka zosalowetsedwa sizikanaoneka pa chithunzi chilichonse, popeza chimene sichinalembedwe m'tebulo sichisiya mpata.

Malire omwewa alipo pa soya wathu. Chithunzi chatiuza kuti mzere 8 uli ndi makilo 100, koma sichinatiuze kuti ndi wa ndani, kapena chifukwa chimene wabisikira. Sichingatiuze ngati A anabweretsadi makilo 250, kapena ngati pali membala amene sanalembedwe n'komwe. Zimenezo zili m'buku la pasikelo ndi pa malisiti a wogula. Sichingatiuzenso ngati mizere inayo ili ndi mafomula kapena manambala otayipidwa amene angokhala olondola lero. Ndipo koposa zonse, sichingatiuze za mumtima mwa munthu. Zolakwika zinayi zimene tapezazi zimachitika tsiku ndi tsiku kwa anthu okhulupirika amene akulemba usiku, pa laputopu yobwereka, magetsi atatsala pang'ono kuzima. Zimandiwawa kuona msungichuma amene wadzipereka kwaulere akutchedwa wakuba pagulu chifukwa cha fomula yaifupi, monganso zimandiwawa kuona mlimi akulandira zoperewera chifukwa anzake anachita manyazi kufunsa.

Choncho funso labwino limatchula kabokosi, osati munthu, ndipo ndi bwino kuyamba mwawafunsa paokha. Mukhoza kulemba kuti: "A msungichuma, zikomo potitumizira lipoti. Ndikuona ngati fomula ya D10 yalekera pa mzere 8, ndiye ndalama za mzere 9 sizinalowe. Mzere 8 sukuoneka, B5 ikukhala ngati yasungidwa ngati mawu, ndipo pa D6 ine ndikupeza K264,000. Mungationereko?" Munthu wolandira uthenga wotere amadziwa podina, ndipo zonsezi akhoza kuzikonza pa mphindi zochepa.

Ngati sangatumize fayilo yeniyeniyo, apempheni ajambulenso kawiri. Chithunzi choyamba chikhale cha sikirini yonse, chosadula nambala za mizere, zilembo za makolamu, kampata ka `fx` ngakhale maina a masamba amene ali pansi, atabweza kaye mizere yobisika ndi `Unhide` ndiponso atachotsa `Filter`. Chachiwiri ajambule atatsegula `Formulas` n'kudina `Show Formulas`. Akatero timabokosi tonse timasiya kuonetsa mayankho n'kuyamba kuonetsa mafomula ake, ndipo kolamu D iyenera kuyenda motere:

```
D5   =B5*C5
D6   =B6*C6
D7   =B7*C7
D10  =SUM(D2:D9)
```

Mafomula a kolamu imodzi amafanana kalembedwe, nambala ya mzere yokha ndiyo imasintha. Pa fayilo yosakonzedwa, D6 idzaonetsa `246000` yopanda `=` kutsogolo, pakati pa anzake onse oyamba ndi `=`. B5 ikasinthidwa kukhala nambala, D6 n'kubwezeredwa fomula, ndipo D10 n'kufikitsidwa pa mzere 9, B10 iyenera kunena 1,800 ndipo D10 inene 2,160,000. Zikapanda kutero, pali china chimene chithunzi choyamba chija sichinaonetse, ndipo apo pafunika buku la pasikelo.